Amalonda, lembani mtengo wonse pa chikwangwani cha Khrisimasi

Sabata yatha alamu anga, amene ali ndi kasitolo ka zipangizo za magetsi ku Limbe, anandiitanitsa. Ati poti ine ndimadyera cholembera, ndiwasalazire mawu a chikwangwani cha malonda a Khrisimasi asanapite nacho kwa wojambula. Ndinapita, pakuti mlamu sakanidwa, makamaka amene amakugwira mkono mwezi ukakhala pakati.

Mawu anali atalemba kale kuseri kwa katoni, ndipo anali otere: "Khrisimasi yafika! Tengani firiji lero, ndi yanu. K2,000 yokha pa tsiku. Palibe chiwongola dzanja. Musalole ana anu azikapempha madzi ozizira kwa aneba. Masiku atatu okha!"

Ndinawerenga kawiri, kenaka ndinafunsa kuti, "Alamu, kodi firijiyi ndi ndalama zingati?" Iwo anati, "Zalembedwatu apo, K2,000 pa tsiku." Ndinati ayi, ndikufunsa ndalama zonse zimene munthu adzakhale atatulutsa m'thumba tsiku limene adzamalize. Anaseka, natulutsa kabuku m'dilowa. Funso limenelo ndi limene landilembetsa lero, chifukwa chikwangwani cha alamu angawa sichachilendo. Yendani ku Limbe, ku Bwalo la Njobvu ku Lilongwe ngakhale mu msika wa ku Mzuzu nyengo ino, mupeza abale ake a chikwangwani chimenechi atapachikidwa pa mipando, pa mawailesi a kanema, pa mafoni ndi pa zovala. Onse amafanana nkhope. Chaching'ono amachikuza, chachikulu amachibisa.

Tiyeni tione za m'kabukumo, poti nkhani yonse yagona mmenemo. Firijiyi ukagula pa kashi ndi K600,000. Ukatenga pa ngongole umayamba wapereka K120,000 ya dipoziti, kenaka K60,000 mwezi uli wonse kwa miyezi 12. Miyezi 12 ya K60,000 ndi K720,000. Kuphatikiza ndi dipoziti ija zikukwana K840,000. Ndiye kuti wogula pa ngongole alipira K240,000 pamwamba pa mtengo wa kashi. Nanga K2,000 ija yachokera kuti? Alamu anga anangotenga K60,000 n'kuigawa ndi masiku 30. Bodza palibe, masamu ake ndi olondola. Koma palibe munthu amene adzabwere ku sitoloko ndi K2,000 m'mawa uli wonse. Chimene chidzafunike ndi K60,000 yathunthu, pa tsiku limodzi, tsiku lomwelo limene eni nyumba akugogoda ndipo ana akufuna fizi.

Munthu akawerenga "K2,000 yokha" mutu wake umathamangira ku zinthu za K2,000. Amaganiza za minibasi, za mayunitsi, za kamba wa ana. Amadziuza kuti imeneyo ndiye ndimataya tsiku ndi tsiku osaidziwa n'komwe. Akanawerenga K840,000 mutu ukanathamangira kwina, ku malata, ku feteleza, ku fizi ya chaka chonse. Firiji ndi yomweyo, ngongole ndi yomweyo, koma chikwangwani chasankhira munthu choyerekezera nacho. Ndipo kamawu koti "yokha" kamagwira ntchito yoposa manambala onse. Kamauza wogula kuti ukadandaula ndi ndalama imeneyi ndiye kuti ndiwe wosauka wa mapeto. Ndani afuna kuoneka wotero pamaso pa wogulitsa, mkazi wake ali pambali?

Tsono tinafika pa "palibe chiwongola dzanja". Apa ndiye tinakangana zedi. Alamu anga anati, "Alamu, ine si banki. Sindikongoza ndalama. Ndili ndi mitengo iwiri basi, wa kashi ndi wa pa ngongole." Ndinawayankha kuti mbuzi mukhoza kuitcha nkhosa, koma kulira kwake sikusintha. Ngati wolipira lero apereka K600,000 ndipo wolipira pang'ono-pang'ono apereka K840,000, kusiyanako ndi malipiro a kudikira, ndipo dzina lake ndi chiwongola dzanja. Ena amakutcha "ya mapepala", ena "ya inshulansi", ena amakweza dala mtengo wa pa shelefu kenaka n'kumati wa kashi tamuchotsera. Njira yodziwira ndi imodzi. Funsani kuti ndikatulutsa ndalama zonse pompano mundilandira zingati. Yankho likakhala locheperapo kuposa zonse za pa ngongole, chiwongola dzanja chilipo.

Ine ku yunivesite ndinasiyira panjira m'chaka chachiwiri, koma masamu a ngongole ndinatolako, ndipo apa pali chinthu chimene ngakhale alamu anga sankachidziwa. Iwo ankawerengera kuti ngongole ndi K480,000, ndiko kuti K600,000 kuchotsapo dipoziti, ndipo K240,000 pa K480,000 ndi 50 peresenti pa chaka. Zikanakhala choncho wogula akanasunga K480,000 yonseyo chaka chathunthu n'kudzabweza kamodzi kumapeto. Koma iye akubweza mwezi ndi mwezi, ngongole ikunka nichepa, pamene malipiro sakuchepa. Mukaika pamodzi miyezi yonse, ngongole imene amakhala nayo pakati-kati ndi pafupi-fupi K290,000. Kulipira K240,000 pa ndalama yotere ndi pafupi-fupi 7 peresenti pa mwezi, kupitirira 80 peresenti pa chaka. Alamu anga anayang'ana kabuku kawo ngati kawalakwira. Chikwangwani chimene chimati palibe chiwongola dzanja chinali chitakhalira 80 peresenti.

Ndisanamizidwe kuti ndikudana ndi phindu. Wamalonda wogulitsa pa ngongole ali ndi zifukwa zomveka zoikira pamwamba. Tonse tikukumbukira Novembala wa 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Amene anali atakongoza katundu mwezi wa Okutobala pa mtengo wakale anatolera ndalama zimene sizikanathanso kuoda katundu yemweyo. M'chaka cha 2024 Banki Yaikulu inafikitsa chiwongola dzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki pokongoza wamalonda amaonjezera pamenepo. Palinso ogula ena amene amathawa. Zonsezi wamalonda ayenera kuziwerengera, apo ayi atseka sitolo Pasaka isanafike. Choncho mkangano wanga ndi alamu sunali woti K840,000 yachuluka. Unali woti ngati mtengowo uli ndi zifukwa zake zabwino, akuubisiranji? Mtengo umene mwini wake akuchita nawo manyazi kuulemba ukutiuza kanthu.

Mawu amene anandiopsa koposa onse ndi aja oti "tengani lero, ndi yanu". Malonda a mtundu uwu, amene Azungu anatisiyira ndi dzina loti haya patchesi, maziko ake ndi akuti katundu si wako mpaka utapereka ndalama yomaliza. Pakati ponsepa uli ngati wobwereka wolipira. Sungamugulitse, sungamupereke chikole, ndipo ukalephera kulipira mwini wake angathe kumufuna. Zimenezi zinalimo mu fomu ya alamu anga, tsamba lachiwiri, m'Chingerezi cha maloya, zilembo zake ngati nyerere. Munalinso zoti ukachedwa pali chindapusa cha K5,000, ndi zoti ukalumpha miyezi iwiri firiji ibwerera.

Apa mpamene pali matenda eni-eni a malonda athu a ngongole, ndipo ndikupempha amalonda anzanga mumve bwino. Zotsekemera timalemba m'Chichewa, zilembo zazikulu, utoto wofiira. Zowawa timalemba m'Chingerezi, zilembo zazing'ono, kuseri kwa pepala. Mayi wogulitsa tomato ku Ndirande amawerenga zoti firiji ndi yake m'chinenero chimene amalota nacho, koma zoti si yake zili m'chinenero chimene ngakhale ine wa yunivesite ya theka ndimabwereza katatu kuti ndimve. Kenaka tikamakanyamula firiji mu Meyi timati, "Mayi, munasaina nokha." Inde anasaina. Koma anasainira chikwangwani, osati fomu.

Pali kamawu kenanso pa mafomu amenewa kamene kagwetsa ambiri, makamaka inu ana a sukulu za ukachenjede ndi inu ongoyamba kumene ntchito. Wogulitsa amati, "Bwerani ndi mboni." Kwathu kuno mboni ndi munthu amene waona. Ukaitanidwa kukhala mboni pa kugulitsana njinga, ntchito yako ndi kudzanena kuti ndinalipo. Koma mzere umene amakusainitsa pa fomu nthawi zambiri umanena zina, zoti mnzakoyo akalephera ulipira ndiwe. Ameneyo si mboni, ndi womuimira pa ngongole. Wamalonda woona mtima anene mawu amenewa momwe alili, pamaso pa onse awiri, asanapereke cholembera: "Achimwene, awa akalephera, K60,000 ya mwezi tidzaifuna kwa inu." Ambiri akamva choncho amabweza dzanja, ndipo ndi bwino abweze lero kusiyana ndi kudzadana ndi mnzawo chaka chamawa.

Ndinawafunsa alamu anga kuti tiyerekeze munthu mmodzi, timutsatire kuchoka pa khomo la sitolo. Tinatenga kalaliki wolandira K250,000 pa mwezi. M'Disembala malo ambiri a ntchito amalipira msanga, Khrisimasi isanafike, ndiye munthu amayenda m'tauni thumba lili lotupa. Wapereka K120,000 ya dipoziti, firiji yakwera pa lole, ana akuvina. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Yotsala ija yapita ku mpunga, nkhuku, zovala za ana ndi thiransipoti ya kumudzi. Malipiro otsatira ndi kumapeto kwa Januwale, patadutsa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. M'kati mwa masabata amenewo sukulu zatsegulira teremu yachiwiri, chimanga chakwera poti ndi nthawi ya njala, ndipo kumudzi atumiza uthenga wa feteleza wobereketsa. Si pachabe anthu amati Januwale ali ndi masiku 60.

Kalaliki wathu walimba mtima. Walipira Januwale, Febuluwale ndi Malichi, pena pochita kukatenga kwa akatapila. Pofika apo watulutsa K300,000, theka la mtengo wa kashi. Epulo mwana wadwala, walephera. Meyi walepheranso. Lole ija yabweranso, ulendo uno aneba onse ali panja kuonerera. Munthu wataya K300,000, firiji alibe, ndipo kwa akatapila kuli ngongole imene inatengedwa kuti ateteze firiji yomweyo. Ana aja amene chikwangwani chinati asakapemphe madzi ozizira kwa aneba abwerera komweko, koma tsopano ndi manyazi eni-eni.

Nanga wamalonda? Pano ndinena chilungamo chimene olemba anzanga amakonda kuchizemba. Timakonda kunena kuti wogula akagwa, wogulitsanso wagwa. Si nthawi zonse. Alamu anga akailanda firiji ija n'kuigulitsanso K420,000 ngati yogwiritsidwapo kale ntchito, kuchotsapo K30,000 ya lole ndi kukonzetsa, ndiye kuti yawabweretsera K690,000, kuposa akanaigulitsa pa kashi. Pa pepala, kulephera kwa kalaliki kwawapindulira. Ichi n'chifukwa chake zikwangwani zotere sizitha. Koma wamalonda adzifunse kuti akuchita bizinesi yanji ngati phindu lake likudalira kuti wogula agwe. Ameneyo ndi katapila wokhala ndi shelefu.

Ndipo masamu amenewa ali ndi mbali inanso. Chikwangwani chokoka aliyense chimakokanso amene sakanatha ngakhale mwezi umodzi. Wina amangopereka dipoziti, Januwale n'kusamuka usiku kupita kumene simudzamupeza. Alamu anga firijiyi amaoda K500,000. Wothawa ndi dipoziti yokha wawadyera K380,000 ya mpamba, ndipo kuti aibweze ayenera kugulitsa mafiriji anayi pa kashi. Wina firiji mumaipeza, koma itapsa ndi magetsi obwera mwamphamvu pambuyo pa kuzima. Wamalonda wamkulu wa nthambi khumi amakwirira zotere. Wa kasitolo kamodzi sangathe. Kuonjezera apo, wa kasitolo amapemphera tchalitchi chimodzi ndi amene wamulanda firiji, ndipo nkhani ya lole imayenda msanga kuposa chikwangwani.

Za ana ndi aneba zija ndinangozikhwatcha osafunsa. Kutsatsa malonda kuli ndi malire, ndipo malire ake ndi pamene wasiya kunena za katundu n'kuyamba kukanda chilonda cha munthu. Kunena kuti firiji iyi imasunga nyama masiku angapo, kapena kuti mayi wa bizinesi ya mafirizesi imuthandiza, ndiko kutsatsa. Kunena kuti bambo weni-weni salowa Khrisimasi chimanja-manja ndiko kugwira munthu pakhosi ndi ana ake omwe. Ndinaonapo chikwangwani china cha zovala cholembedwa kuti "Kongolani kuti mukongole". Ndivomere, monga wolemba ndinachita nacho nsanje, poti Chichewa chathu chinaika kubwereka ndi kuoneka bwino m'liwu limodzi. Koma taganizani chimene chikuphunzitsa mtsikana wa ku koleji amene ndalama yake yonse ndi ya upukipi.

"Masiku atatu okha" nawo ndi mawu oti tiwayang'anitsitse. Ndinafunsa kuti, "Alamu, tsiku lachinayi chichitike n'chiyani?" Anati palibe, chikwangwani chikhala mpaka Nyuwere. Ndiye kuti masiku atatuwo ntchito yake ndi imodzi, kuti munthu asapite kunyumba kukagona nayo nkhaniyo ndi kufunsa mkazi wake. Ngati kutsitsa mtengo kuli ndi tsiku lothera loona, lembani tsikulo, ndipo likafika chotsani chikwangwani. Ngati palibe, musaike. Ngongole ya miyezi 12 siyoti munthu aiganize mphindi khumi ali chiimire, wailesi ikuphulika nyimbo pa khomo la sitolo.

Inenso ndinagwapo, ndisaoneke ngati mngelo. Disembala wina ndinatenga foni kwa kampani ina chifukwa cha mawu oti "sitifunsa zambiri, chiphaso chokha basi". Ndinamva kukoma kuti pali anthu ondikhulupirira, ine wolemba wopanda peyisilipi. Sanafunsedi zambiri, chifukwa sankafunika kufunsa. Foniyo inali yoti ukachedwa kulipira imadzitseka yokha. Inatsekeka sabata yachitatu ya Januwale, tsiku limene mkonzi wina amandifuna pa foni yomweyo kuti andipatse ntchito imene ikanalipira ngongoleyo. Kuyambira pamenepo ndikamva wogulitsa akunyadira kuti safunsa, ndimadziwa kuti ali ndi njira ina yodzitetezera imene sanandiuze. Wamalonda wofuna kuti ngongole ibwezedwe amafunsa. Mumalandira zingati, lendi ndi zingati, muli ndi ngongole ina, Januwale muyenda bwanji? Mafunso amenewa si chipongwe. Kwa kalaliki wathu uja akanaonetsa poyera kuti K60,000 ndi pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake, asanagule ndi thumba la ufa lomwe.

Wina anena kuti zonsezi ndi za mtima wabwino chabe, boma sizilikhudza. Ayi ndithu. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, limene limaletsa kutsatsa malonda monyenga. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsanso lamulo latsopano la mpikisano ndi chilungamo pa malonda m'malo mwa lija la 1998, ndipo linapatsa bungwe la CFTC mphamvu zolipitsa chindapusa ochita malonda mosocheretsa ogula. Bungwe la CAMA nalo lakhala likulankhulira ogula kuyambira zaka za m'ma 1990. Kulemba kuti palibe chiwongola dzanja pamene pali K240,000 pamwamba, kapena kuti katundu ndi wako pamene fomu ikuti ndi wa sitolo, ndi kudziika dala pa njira ya malamulo amenewa. Zoona, mabungwewa alibe anthu okwanira kuwerenga katoni ili yonse ya ku Limbe, ndipo ambiri ochita zotere adzadya Khrisimasi mwamtendere. Koma dandaulo limayamba ndi wogula mmodzi wokwiya amene anajambula chikwangwani pa foni, ndipo masiku ano aliyense amajambula.

Tsono tinatembenuza katoni ina n'kuyamba kulemba mwatsopano. Ndinawauza alamu anga kuti muyeso wanga ndi umodzi: munthu amene wawerenga chikwangwani chokha, osaona fomu, asadzadzidzimuke ndi kanthu kali konse m'miyezi 12 ikubwerayo. Chili chonse chimene chingadzamudzidzimutse chiyenera kukwera pa chikwangwani, m'Chichewa chomwecho. Titafufuta-fufuta tinatsala ndi izi:

"Firiji ya Khrisimasi. Pa kashi K600,000. Pa ngongole K840,000 yonse pamodzi: K120,000 poyamba, kenaka K60,000 pa mwezi kwa miyezi 12, kuyambira pa 31 Januwale. Firiji ikhala ya sitolo mpaka mutamaliza kulipira. Mukachedwa pali K5,000, mukalumpha miyezi iwiri tidzaitenga. Tengani fomu ya m'Chichewa mukawerengere kunyumba."

Taonani kuti palibe chimene tachotsa pa phindu la alamu anga. Mtengo ndi womwewo, miyezi ndi yomweyo. Chasintha n'choti mitengo iwiri ija yaima pamodzi, ndiye munthu aona yekha kuti kudikira kukumudyera K240,000. Malipiro alembedwa pa mwezi, momwe adzaperekedwere, ndipo tsiku loyamba latchulidwa kuti Januwale alowe m'maganizo a wogula akadali m'Disembala. Mawu oti "yokha" ndi "chabe" tawasiya. Mawu oti ngongole, amene pa chikwangwani choyamba sanaonekepo n'komwe, tawalemba poyera. Mwina mwazindikira kale kuti zikwangwani zambiri zimawathawa mawu amenewa. Zimati "njira yosavuta", "lipirani mwa kufuna kwanu", "thandizo la pa Khrisimasi". Thandizo silikhala ndi lole yodzalanda.

Ndinawapatsanso ganizo lina la amene mtengo wa ngongole wawakulira. Pali njira ija ya leyibayi, yoti munthu azipereka pang'ono-pang'ono katundu ali m'sitolo momwemo, n'kudzamutenga atamaliza. Palibe kulandana, palibe kuthawa ndi katundu. Koma nayonso imafuna mawu oona, makamaka ndi kwacha yathuyi. Lembani ngati mtengo wamangidwa kapena ungasinthe, kwa miyezi ingati, ndiponso munthu akasintha maganizo mumubwezera zingati. Leyibayi yopanda mayankho amenewa imatha ndi mkangano womwewo, kungoti pa kauntala m'malo mwa pa khonde.

Alamu anga anayang'ana katoni yatsopanoyo nthawi yaitali. Kenaka anati, "Alamu, mwalemba bwino, koma mwandithamangitsira makasitomala. Wa sitolo yoyandikana nayo alemba K1,800 pa tsiku, anthu onse akhamukira kumeneko." Limeneli ndi dandaulo loona ndipo sindinalipeputse. Woyamba kunena zoona pa msika wa mabodza amaoneka wodula. Ena adzawerengadi K840,000 n'kutembenuka. Koma otembenukawo ambiri ndi omwe aja akanadzalephera mu Epulo kapena kuthawa mu Januwale. Otsala ndi amene awerengera n'kuona kuti akwanitsa, monga mayi wa mafirizesi amene firijiyo izidzilipira yokha nyengo yotentha. Ena akaona kusiyana kwa mitengo iwiriyo adzapita kukasonkha ku banki m'khonde n'kubwera ndi kashi, ndipo ndalama ya lero kwa wamalonda wofuna kuodanso katundu si yoipa. Ndinawauzanso kuti palibe choletsa kulemba pansi pake kuti, "Musanasaine kwina kuli konse, funsani mtengo wonse." Funso limenelo likazolowereka mu msewu wawo, amene avutike ndi wa K1,800 uja.

Kwa inu ogula, ndi inu ophunzira amene mukuyang'ana foni kapena laputopu ya pa ngongole tchuthi chino, masamu ake safuna digiri. Tengani malipiro a pa mwezi, chulukitsani ndi miyezi, onjezerani dipoziti ndi tina tonse ta mapepala, kenaka chotsani mtengo wa kashi. Chotsalacho ndicho mukugula nacho kufulumira. Akakuuzani za pa tsiku kapena za pa sabata, funsani kuti ndi masiku angati onse. Wogulitsa akayamba kuzungulira pa funso limeneli, kapena akakana kuti mutuluke ndi fomu musanasaine, mwamva kale zimene fomuyo ikunena.

Sitinagwirizane zonse. Za ana ndi aneba anavomera kuchotsa, ati mlongo wanga anali atawadzudzula kale za zomwezo. "Palibe chiwongola dzanja" anachotsa atamva za chindapusa. Fomu ya m'Chichewa anati ndiwamasulire ineyo, mwaulere, poti ndine ndayambitsa. Koma K2,000 pa tsiku anaikakamira, ati imeneyo ndiyo nyambo, popanda iyo munthu saima n'komwe. Tinathera poti ikhalepo, koma pansi pa K840,000, ndipo zilembo zake zisapose za mtengo wonse. Dzulo ndinadutsako madzulo. Wojambula anali atamaliza, chikwangwani chili pa khoma. K840,000 ilipo ndithu, yakuda, yowerengeka uli tsidya lina la msewu. K2,000 ili pansi pake monga tinapanganira, kukula kwake n'chimodzi-modzi, koma alamu anga anauza wojambula kuti imeneyo aipake yofiira.